Masikuluwu a Chimake

Tionenji anali dokotala wa mahatchi, ndipo ku kampani yawo ya ku Loughborough, ku Mangalande, ndi iye yekha amene apolisi anamulola kusunga pisitoli. Hatchi ikathyoka mwendo kumunda, chipolopolo chimodzi chimathetsa ululu nthawi yomweyo. Chiphaso cha mfutiyo anachivutikira zedi. Popanda icho akanamubweza m'tauni kukabaya amphaka jakisoni, ntchito imene mwamuna wake Lovemore ankamufunira kuyambira kalekale.

Vuto linali ponyamulira. Sungalumphe geti m'matope a ku Melton dzanja lina lili ndi chikwama cha mankhwala, lina bokosi la mfuti. Ndiye Loweruka lina anapita kwa Ankolo Fazal, mwenye wobadwira ku Limbe amene anali ndi shopu ya zida za alenje kunja kwa Leicester. Lovemore naye analondola, ati kukathandiza kusankha. Munthu wosadziwa n'komwe kumene chipolopolo chimalowera!

Ankolo Fazal anayamba atsimikiza kuti mfutiyo ilibe kanthu, kenako anayala patebulo zimake zonyamulira pisitoli m'chiuno. Lovemore anathamangira cha nayiloni, chofewa ngati sokosi.

"Ichi ndiye sichingapweteke mayi a Chipo."

"Chisiyeni icho, achimwene," anatero Ankolo Fazal. "Chofewa chimapindika. Mukubwezeramo mfuti, nsalu yalowa pa thiriga, pokokera chala paja, basi mwendo wapita. Chimake chabwino chimaphimba thiriga yense ndipo kukamwa kwake sikutsekeka chokha."

Anatenga cha pulasitiki yolimba, choumbidwa molingana ndi pisitoliyo. Ataikankhiramo chinalira kuti khwa! Anachizondotsa pamwamba pa khushoni, nachigwedeza mwamphamvu, koma mfuti osagwa.

"Akuigwira ndi masikuluwu awiriwa. Ukamanga, chimafinya. Ukamasula, chimalekerera. Chokhala ndi loko wa chala chachikulu ndiye chabwino koposa, koma cha mfuti yakoyi mpaka ndiitanitse. Pakadali pano tenga ichi, mwana wanga."

Anadonthezera guluu wabuluu pa masikuluwuwo kuti asamasuke okha ndi kugwedezeka kwa galimoto. Anamugulitsanso lamba wolimba, n'kumuchenjeza kuti chiuno cha mkazi chimapendeketsa chigwiriro kuloza kunthiti, choncho chidzamuvutitsa kufikira litabwera thabwa lotsitsira chimakecho m'munsi pang'ono.

Zinaterodi. Pofika kumapeto kwa mwezi Tionenji anali ndi mkwingwirima wakuda m'nthiti. Lovemore ankauyang'ana n'kupukusa mutu. Kutchalitchi anzake ankamuseka kuti kwawo ku Oadby wovala mfuti ndi mayi, iye ndi wotsuka mbale. Ankaseka nawo, koma pofika kunyumba nkhope ili gwa.

"Ntchito yanji yopha ziweto za eni ake? Simungapeze ina yaulemu?"

"Ndimazichotsa pa ululu, bambo a Chipo. Ulemu wake ndi umenewo."

Mfuti inkagona mu sefa yachitsulo yokhoma, kiyi ali ndi Tionenji yekha, monga lamulo limanenera. Chimake chokha ndicho chinkapachikika ndi lamba wake kuseri kwa chitseko. Ndani angaganize zobisa chimake kwa mwamuna wake?

M'mawa wina wamvula anamuitana ku famu ina. Hatchi yaikazi inali itathyoka mwendo wakutsogolo kumapeto kwa munda. Anatsika m'galimoto, natulutsa pisitoli m'bokosi yopanda chipolopolo, zipolopolo naika m'thumba la jekete la zipi. Analowetsa mfuti m'chimake akuthamanga kale. Mphepo inkaomba m'makutu, moti sanazindikire kuti khwa uja sanamveke. Pa geti lachiwiri anaterereka n'kugwa chammbali, nadzuka, napitirira.

Anafika pa hatchiyo, naiona kuti siingachire. Mwini wake, mayi wachikulire, anavomera akulira. Tionenji anapititsa dzanja m'chiuno, ndipo linangogwira mphepo.

Mayo ine! Komabe hatchi inali patsogolo pake ikunjenjemera, ndiye anatsegula chikwama n'kuigoneka tulo tosadzuka ndi jakisoni. Atatha anabwerera m'mapazi ake akufufuza mfutiyo mu udzu. Osaipeza. Anaimbira apolisi yekha, podziwa bwino kuti akudziitanira mlandu. Anaipeza ndi apolisiwo masana, m'ngalande ya pafupi ndi geti lija, ndipo anapita nayo.

Patapita masiku kunabwera wapolisi woona za ziphaso za mfuti, mzungu waulemu wake, wosathamanga polankhula. Anakhala pa sofa, Lovemore atamukonzera tiyi. Kenako anamufunsa Lovemoreyo ngati ali ndi nkhawa iliyonse pa mkazi wake, monga apolisi amafunsira masiku ano.

"Amatopa kwambiri," anayankha Lovemore m'Chingerezi, mawu ake ofewa ngati a m'busa. "Amaiwalaiwala. Mwina kupuma kungamuthandize."

Tionenji anamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Amaiwala? Iye, amene ankakumbutsa bambo ameneyu ngakhale tsiku lobadwa la mayi ake omubereka!

Wapolisi anapempha kuona chimake. Chichitikireni ngoziyo Tionenji anali asanachikhudze, chifukwa chinkamunyansa. Mzunguyo anachitembenuza, nayika chikhadabo pa sikuluwu, ndipo inazungulira mosavuta. Guluu wabuluu uja anali atasweka, ndipo pamitu ya masikuluwu onse awiri panali mikwakwalazo ya sikuludiraiva yosayenera saizi yake.

"Izi sizimasuka zokha," anatero. "Munamasula ndinu, adokotala?"

Tionenji anatembenukira kwa mwamuna wake n'kulankhula m'Chichewa.

"Bambo a Chipo, ndinu?"

Lovemore anamwetulira mlendo kaye, ngati akufunsana za shuga wa mu tiyi.

"Chinkakupwetekani. Ndinangofewetsa pang'ono."

"Musandipusitse. Chondipweteka chinali chigwiriro, osati masikuluwu. Munalipo pamene Ankolo ankafotokoza. Munamva zonse."

"Nanga wafa ndani? Inalibe chipolopolo. Ingonenani kuti munamasula nokha. Akulandani kapepalako, mupeza ntchito ya m'tauni, tikhala ngati anthu. Musandichititse manyazi pamaso pa mlendo."

Apa ndi pamene zinamupweteka kuposa kugwa kwa pa geti kuja. Akanakhala kuti analakwitsa chifukwa cha chikondi chopusa, bwenzi atamukhululukira tiyi asanazizire. Koma ayi, munthuyu anamvetsera bwinobwino phunziro la Ankolo Fazal, nalisunga, nadikira. Mfuti ija akanaitola mwana wa pafamu. Ndipo lero ankafuna kuti mkazi wake yemweyo amunamizire, adzitche wosasamala ndi pakamwa pake.

Tionenji ankadziwanso mbali inayo. Akanena zoona, apolisi sangabweze pisitoli m'nyumba yokhala munthu woseweretsa zida zake mwadala. Bodza linkamulanda chiphaso. Choonadi nachonso chinkamulanda, pokhapokha m'nyumbamo mutasintha.

Wapolisi anatsokomola pang'ono. "Pepani, sindikumva chinenero chanu. Pali chimene ndiyenera kudziwa?"

"Chilipo," anatero Tionenji m'Chingerezi. "Anamasula ndi mwamuna wangayu, akudziwa chimene chidzachitike. Wavomera pompano."

Kapu ya Lovemore inagunda sosala. "Mayi a Chipo!"

Mzunguyo anafunsa mosamala. "Ndiyenera kutsimikiza, adokotala. Bambowa amakhala pa adiresi ino?"

Tionenji anayang'ana munthu amene anakwera naye ndege kuchoka ku Chileka atagwirana manja. Misozi inatsika, koma mawu ake sanagwedere.

"Amakhala pano," anatero. "Mpaka lero."