Dzina Langa Sindiika, Amalume

"Amalume mwawauza kuti chiyani?" Rukiya anafunsa mwamuna wake Abdulla, chikwama chikadali paphewa.

"Ndawauza kuti ine ndilibe vuto," anayankha Abdulla ali chigonere pansi pa sinki, akulimbana ndi paipi yodontha. "Nanga ndikanatani? Munthu wamkulu wakwera basi mpaka ku galaja ku Woodlands kudzandifunsa chimene ndikukuletsera. Pondinamizira uzindiuzako, mayi."

Rukiya anaponya chikwama pampando. Bodza lachitatu linali litafera pomwepo.

Nkhani yake inali iyi. Amalume ake a Wahabu, mlongo wa malemu mayi ake, ankagulitsa nsalu ku Kamwala. Ankafuna ngongole ya K80,000 ku kampani ina yobwereketsa ndalama m'tauni, kuti aode nsalu za yunifomu sukulu zisanatsegulidwe. Shopu inali ya lendi, nyumba ya ku Chilenje ya lendinso, choncho chikole analibe. A kampani anati abweretse galanta, munthu wa pa malipiro a boma woti awaimire. Ndipo m'banja monsemo wolandira ku boma anali mmodzi yekha, Rukiya, mphunzitsi wa pa pulayimale ku Kabwata, yemwe amalume omwewo anamulera ndi kumulipirira koleji.

Kunena kuti ayi pamaso pa munthu woteroyo pakamwa pankalemera. Ndiye Rukiya anayamba kuzemba. Poyamba anati chiphaso chake cha NRC chasowa. M'mawa mwake amalume anali pageti pa nyumba ya Rukiya ku Chelstone atavala jekete, okonzeka kumuperekeza ku polisi kukatenga lipoti, moti chiphasocho chinachita kupezeka mwadzidzidzi m'thumba la malaya. Kenako anati mapeyisilipi, mapepala osonyeza malipiro ake, sakutuluka, makina avuta. Amalume anapeza kafe ya intaneti yomwe makina ake sankavuta. Tsopano ili la mwamuna nalo lagwa. Aa, koma akuluwa! Chifukwa chilichonse ukawapatsa ankachinyamula n'kukachikonza, n'kubwera nacho akumwetulira.

"Uwauze kuti ngongole ya chiwongoladzanja ndi haramu," anatero Abdulla.

"Filiji iyo tinagula ndi chiyani, si ngongole? Ndipo anatithandiza kuitsitsa pa galimoto ndani, si amalume omwewo?"

Abdulla anayang'ana filiji ija n'kubwerera ku paipi yake.

Lachitatu ataweruka, Rukiya anakwera minibasi ya m'tauni kuti akadzimvere yekha. Amalume ankangoti, "Ndi kusayina chabe, mwanangu, ngati mboni." Ku ofesiko anamulozera kwa mayi wina wa magalasi, a Mutale, amene anatulutsa fomu ya masamba angapo n'kuiyala patebulo.

"Mubwelese kopi ya NRC, mapeyisilipi ya myezi itatu, sitetimenti ya ku banki, kalata ya ku nchito na masinapu yabili ya nkope yanu," anatero a Mutale m'Chinyanja cha m'tauni.

"Ndiye ine ndikhala mboni basi?"

"Awe, ba madamu. Mboni ni wina. Imwe ndimwe galanta. Ngati ba ankolo baleka kulipila, nkongole ni yanu. Yonse."

"Yonse? Si theka?"

A Mutale anaika cholembera pa ndime ya zilembo zing'onozing'ono. Rukiya anawerenga yekha, pang'onopang'ono, ngati mwana wa giredi fo. Ngongoleyo pamodzi ndi chiwongoladzanja inkafika pafupifupi K130,000 pa zaka ziwiri. Wobwereka akalumpha mwezi, chindapusa chinkawonjezeka, nachonso chinali pamutu pa galanta. Panali tsamba lina loti asayine lololeza kampani kudula ndalama ku akaunti yake yolandirira malipiro.

"Koma muyamba mwagulitsa katundu wa m'shopu mwawo, eti?"

"Tingayese. Koma pepala iyi siitikakamiza kuyambila kuja. Nsalu yovuta kugulisa, salale yanu ibwela mwezi na mwezi. Muganiza tizayamba kuti?"

"Nanga ndikafuna kuchokamo pakati?"

"Kulibe kuchoka mpaka nkongole isile. Olo bamwalile, ngati inshuwalansi siinalipile, tizakufunani. Na zina yanu iyenda ku kilediti byulo, kwamene balemba bonse ba nkongole. Mukafuna loni yanu siku ina, bazaona."

Rukiya anafunsa ngati amalumewo anali ndi ngongole ina kale. A Mutale anati zimenezo sangaulule, akafunse eni ake. Ananena mosamuyang'ana m'maso, ndipo Rukiya anatuluka mutu ukuwawa.

M'basi anawerengera. Malipiro ake, atachotsa lendi, fizi ya ana awiri ndi ngongole ya filiji ija, ankatsala oti n'kugula ufa, makala ndi kandiwo. Ndalama yomwe amalume ankayenera kubweza mwezi umodzi inali yoposa zotsalazo. Amalumewo akanangophonya kawiri, ana a Rukiya akanakhala pakhomo osapita kusukulu. Mtima unamuwawa, ndipo unamupsanso. Ankawakonda amalume ake, koma chimene ankamupempha sichinali siginecha ayi, anali malipiro ake a zaka ziwiri.

Kalatayo anailemba mawa lake pa nthawi ya buleki, mu sitafu, chipinda cha aphunzitsi. Yoyamba inatalika masamba awiri, yodzaza ndi "mwina chaka chamawa" ndi "zinthu zikadzakhala bwino". Anaing'amba, podziwa kuti chaka chamawa amalume adzafika ndi fomu yatsopano. Yachiwiri inayamba kuwalangiza za kayendetsedwe ka bizinesi. Iii, iyeyo kulangiza munthu amene wagulitsa nsalu kuyambira iye asanabadwe? Nayonso anaing'amba. Yachitatu inali yaifupi, ndipo anaipinda msangamsanga asanasinthe maganizo.

Loweruka anapita ku Kamwala. Anadutsa pakati pa mawilibala ndi anthu oitanira malonda, n'kulowa m'shopu. Ankafunanso nsalu yobiriwira ya yunifomu ya mwana wake wamkazi, ndiye anayamba waisankha n'kuiika pa kauntala, kuti apezeko poyambira. Amalume anamulandira ndi chimwemwe, anamukokera mpando, anatumiza tiyi.

"Wabwera nazo zipepala zija?"

"Ndabwera ndi kalata, amalume. Mukawerenge kunyumba."

A Wahabu anaitembenuza envelopu ija uku ndi uku. Anasisita m'matumba.

"Magalasi ndaiwala. Tandiwerengera."

Magalasiwo anali pamphumi pawo, Rukiya akuwaona. Kalata analembera kuthawa kulankhula, ndiye ndi imeneyi akuti ailankhule! Anafuna kulira, anafunanso kuseka. Anatsegula n'kuwerenga.

"Okondedwa amalume, Assalamu alaikum. Ndikuthokoza kuti munandikhulupirira mpaka kundipempha kuti ndikuimireni pa ngongole yanu. Zimene munandichitira mayi atamwalira sindidzaiwala. Ndinapita ku ofesi ija ndipo ndawerenga fomu yonse. Galanta si mboni. Malonda akavuta, ngongole yonse idzakhala yanga, ndipo ine sindingathe kuilipira. Choncho dzina langa sindiika. Chiphaso sichinasowe, ndipo Abdulla sanandiletse. Ndinanama chifukwa cha mantha, mundikhululukire. Chisankhochi ndi changa ndipo sichisintha. Chimene ndingathe ndi K3,000 imene ndinasunga, ndikupatsani osati kukubwerekani, komanso ndilankhula ndi makolo a kusukulu kwathu kuti nsalu azigula kwa inu. Ine mwana wanu, Rukiya."

Mayi wina amene ankasankha zitenje anazisiya n'kutuluka mwakachetechete.

"Ndiye ukuona ngati ndine wakuba," anatero a Wahabu.

"Ayi, amalume. Sindinalembe zimenezo."

"Ukuona ngati sindibweza."

"Ndikuona kuti mukufuna kubweza. Koma mukadwala? Katundu akachedwa pa boda mpaka sukulu zitatsegulidwa?"

"Abdulla atabwera kudzakufunsira, nkhoswe anali ndani? Ndinaimirira ine. Ndinati mwanayu ndi wanga, chikavuta bwerani kwa ine. Ndinakufunsa peyisilipi? Ndinapita ku ofesi kukafufuza?"

"Simunapite."

"Nanga tsono?"

Apa ndi pamene Rukiya wakale akanati, "Ndiganizenso kaye." Mawuwo anafika mpaka pammero. Anawameza.

"Pali ngongole ina, amalume?"

A Wahabu anayamba kukonza mipukutu ya nsalu imene inali yokonzeka kale. "Kangongole kakang'ono. Ka chaka chatha. Ndi kameneka ndikufuna nditseke, zotsalazo ndiode katundu."

"Ndiye bwanji simunandiuze?"

"Ukanavomera?"

Rukiya anangogwira pachipumi. Mwezi wathunthu wa mabodza ake, manyazi ake, kusowa tulo kwake, pamene akuluwa nawo anali ndi bodza lawo m'thumba! Anafuna kukalipa, koma anangoyang'ana ndevu zawo zoyera ndi kolala ya jekete yothetheka, mkwiyo n'kusanduka chisoni. Anatulutsa envelopu ina ya ndalama ija n'kuiika pa kauntala ndi manja awiri.

A Wahabu anaikankha ndi chala chimodzi kubwerera kwa iye.

"Sindinapemphe sadaka. Ndinapempha dzina."

"Dzinalo ndi limene sindingathe."

"Ndamva. Mwawerenga bwino, aphunzitsi."

Tiyi anafika, koma palibe anamukhudza. A Wahabu anatsitsa magalasi aja pamphumi, anakoka nsalu yobiriwira ija, anaiyeza pa mita ya pa kauntala n'kuidula mowongoka ngati mwa masiku onse. Anaipinda bwinobwino, anaiika m'pulasitiki. Kenako anatenga kabuku ka malisiti n'kulemba.

Chibadwire Rukiya anali asanagulepo nsalu m'shopu imeneyi. Yunifomu zake zonse, zitenje za pa ukwati wake, matewera a ana ake, zonse amalume ankangomuponyera paphewa n'kumuthamangitsa akatulutsa chikwama.

A Wahabu anang'amba lisiti n'kumupatsa.

"Ndi K180, mayi. Mulipira kashi kapena pa foni?"

Rukiya analipira kashi. A Wahabu anamuwerengera chenji m'manja mwake mpaka kobiri lomaliza, anamuthokoza mwaulemu monga amachitira ndi kasitomala aliyense, n'kutembenukira kwa munthu wina amene anali atangolowa.