Mwamuna wa Papepala

Injiniya anabwera kuchokera kumaphunziro akunja ndi zinthu zitatu: digiri, mkazi, ndi setifiketi ya ukwati yolembedwa m'zilembo za kwawo kwa mkaziyo. Zina mwa zilembozo zinkaoneka ngati mipando yogwetsedwa, zina ngati zitseko zopanda nyumba. Amayi ake anaikonda setifiketiyo kuposa digiri. Anaiika mu fulemu ya galasi n'kuikhomera pabalaza, pafupi ndi chithunzi cha kwaya.

Mpongozi wawoyo anali mwana wabwino, wosachedwa kuseka. Dzina lake linkawapinda lilime onse, choncho ankangomutchula kuti Zikomo, chifukwa ndiwo mawu oyamba amene anaphunzira, ndipo ankayankha nawo chilichonse, ngakhale akamufunsa nthawi. Tsopano anali woyembekezera, ndipo chilolezo chake chokhala m'dziko chinali pafupi kutha. Ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka anati abweretse setifiketi yomasuliridwa, yosonyeza kuti ndi mkazi wa mnyamatayo. Ikapanda kubwera, akwere ndege.

Msuweni wina wodziwa za mafoni anati imeneyo si ntchito yovutikira. Anajambula setifiketi ili pakhoma pomwepo, foni n'kumasulira, iye n'kukasindikiza. Kalaliki wa ku ofesi ija anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ana pasipoti ya Injiniya.

"Choyamba, palibe chidindo cha womasulira wovomerezeka," anatero. "Chachiwiri, mayiwa ndi okwatiwa ndithu. Koma osati ndi inu."

Dzina la mwamuna papepalapo linali lina. Linkayamba mofananako, koma pakati linkakhota n'kukathera kwina.

Nkhaniyi itafika kunyumba, abambo ake a Injiniya, amene aliyense ankawatchula a Mkulu chifukwa cha udindo wawo kumpingo, anavula magalasi n'kunena kuti, "Ine ndimaweruza nkhani za maukwati a anthu. M'nyumba mwanga muno simungakhale mkazi wa mwini."

"Bambo, ndi mkazi wanga. Ndinalipo."

"Unalipo iwe. Nanga analembedwayo ndani?"

Kuyambira tsiku limenelo Injiniya anasamutsidwira pa sofa, miyendo ikulendewera kunja. Zikomo atafotokozeredwa anaseka mpaka kugwira khoma, koma atakumbukira za ndege anasiya.

Ofesi ya womasulira inali pamwamba pa sitolo ya nsapato, kumapeto kwa masitepe onunkha guluu. Munali tebulo, makina osindikizira, mabuku otanthauzira mawu othothoka zikuto, ndi fani imene inkapukusa mutu ngati ikukana zonse zonenedwa mmenemo. Womasulirayo anali mayi wa imvi zochepa, amene anaphunzira kudziko la kwawo kwa Zikomo kalekale. A Mkulu ndi akazi awo anakhala pansi, ndipo asananene chilichonse a Mkulu anapempha kuti ayambe ndi pemphero. Mayiyo anatseka maso mwaulemu, ndipo pempherolo litafika pa odwala ndi apaulendo anatsegula diso limodzi kuyang'ana ketulo.

"Ameni. Setifiketi ili kuti, bambo?"

A Mkulu anapereka foni.

Mayiyo anakulitsa chithunzi ndi zala. Kuwala kwa foni kunali kutamenya galasi, n'kusiya dzuwa loyera pakati penipeni pa dzina la mwamuna. M'munsi mwake, pagalasi pomwepo, pankaoneka nkhope ya msuweni uja, kukamwa kuli yasa.

"Uyu ndiye mkwati?"

"Ayi, ameneyo ndi chitsiru chathu," anatero Amayi.

"Chabwino. Dzina la mkazi likuoneka lonse. La mwamuna ndikuona mutu ndi mchira, pakati pali ulemerero wokhawokha. Foni ija inangolota zoti iikepo. Ine ndikamasulira chithunzi ichi, pamenepo ndilemba kuti sizikuwerengeka, ndipo pansi ndinena kuti ndamasulira kuchokera pa chithunzi."

"Mulembe chiyani?"

"Sizikuwerengeka."

Amayi anagwira pachifuwa. "Dzulo anali mkazi wa mlendo, lero akhale mkazi wa Sizikuwerengeka? Mayi, dzina la mwana wangayo ndikuuzani ine. Ndinamubereka ndekha, palibe anandithandiza."

"Sindikukana, mayi. Koma ine ndimasayina kuti zimene ndalemba ndi zimene ndaona. Zimene mwandiuza ndi umboni wanu, si wanga."

A Mkulu anagwedeza mutu movomereza. Mawu akuti umboni anawafika pamtima. Anaimbira foni Injiniya kuntchito kuti adutse kunyumba, azule fulemu ija, abwere nayo pamodzi ndi mkazi wa eni akeyo.

"Ndi mapasipoti onse," anawonjezera womasulira. "Ngakhale yakale, ngati ilipo."

Akudikira, a Mkulu anafotokoza maganizo awo. Iwo ankafuna kuti mayina asakhudzidwe. Mawu ena onse amasuliridwe, koma mayina akopedwe momwe alili, mipando ndi zitseko zomwe. "M'malemba anthu anasinthidwapo mayina, koma ankawasintha ndi Mwini wake. Si ntchito ya munthu imeneyo."

"Zikanakhala zilembo zathu zomwezi, ndikanatero," anatero mayiyo. "Dzina lolembedwa m'zilembo zathu sindilikhudza, ngakhale atalilakwitsa. Ndimalikopa ndi chilema chake, n'kunena m'munsi kuti linalembedwa choncho. Koma izi kalaliki uja aziwerenga bwanji? Adzaona mipando, adzayang'ana pasipoti, adzakuuzani kuti mubwere mawa."

"Ndiye mulembe mmene timatchulira," anatero Amayi. "Uyu Zikomo, uyu..."

"Mayi a kwaya, khalani chete pang'ono," anatero a Mkulu.

"Ndikhale chete ine? Sofa akuithyola ndi mwana wa ndani?"

Injiniya anafika ali wefuwefu, fulemu kukhwapa, khosi litapindikira kumodzi chifukwa cha magonedwe. Zikomo anakwera masitepe pang'onopang'ono pambuyo pake. Atamva womasulira akumulonjera m'chilankhulo cha kwawo, maso ake anadzaza misozi, ndipo awiriwo analankhulana mothamanga ngati mvula ya padenga. Amayi, amene anali asanamvepo mpongozi wawo akunena mawu opitirira atatu, anadabwa.

"Kani amalankhula chonchi? Akuti chiyani?"

"Akuti apongozi ake ndi anthu abwino."

"Zonsezo?"

"Zinazo ndi za sofa."

Anamasula fulemu ndi mpeni wotsegulira makalata, Amayi akuyang'ana kumbali ngati akuona opaleshoni. Womasulira anayala setifiketi patebulo, nawerenga dzina la mwamuna, nalilemba pa kapepala chilembo ndi chilembo m'zilembo zathu. A Mkulu anavala magalasi. Linali dzina lachitatu. Silinali la pa pasipoti, silinali la foni ija.

"Ambuye chitireni chifundo. Alipo angati amuna amenewa?"

"Mmodzi yekha, bambo, ndipo ndi uyu wakhosi lopindikayu. Dzina lake lili ndi maliwu awiri amene kwawoko alibe zilembo zake. Analemba ndi zoyandikira. Ndiye ndikalibweza chilembo ndi chilembo, limabwera litavala zovala za eni dziko. Linapita bwino, pobwera ndiye simungalizindikire."

"Ndinkakuuzani, bambo," anatero Injiniya.

"Iwe ndi woimbidwa mlandu. Ukanatha kumasulira wekha, bwanji sanakulole?"

"Pamenepo abambo akunena zoona," anatero mayiyo. "Mwini nkhani sadzimasulirira. Ndipatseni pasipoti yakale ija."

Anaitsegula pa tsamba la viza imene dziko lija linamupatsa popita kusukulu. Pamenepo dzina lake linali litalembedwa kawiri: m'zilembo zathu, monga a Mkulu analilembetsera iye ali khanda, ndi m'zilembo za kumeneko. Mayiyo anaika tsambalo pafupi ndi setifiketi.

"Simukusowa kudziwa chilankhulo. Muziyerekeza zithunzi. Yambani."

A Mkulu anaika chala chimodzi pa viza, china pa setifiketi, n'kuyamba kuyenda nazo monga amachitira pophunzitsa nyimbo yatsopano. "Mpando... mpando. Chitseko... chitseko. Aka kokhala ngati kambedza... kambedza." Amayi anayamba kuvomereza pambuyo pawo, ndipo pofika pa chilembo chomaliza zinali zitatsala pang'ono kukhala nyimbo ya mawu awiri. Tsiku lobadwa nalonso linagwirizana.

A Mkulu anayang'ana mwana wawo. "Ndiwe," anatero.

"Ndine, bambo."

"Tsono ndichita chonchi," anatero womasulira. "Mayina onse awiri ndilemba monga alili m'mapasipoti awo, chifukwa kalaliki akayerekeza ndi zimenezo. Pambali pa dzina lililonse, m'mikutiramawu, ndikopa zilembo za pa setifiketi momwe zilili, kuti mipando yanu isatayike. M'munsi ndilemba mawu anga: kuti kalembedwe ka mayinawa ndatsata mapasipoti, kuti la mwamuna likalembedwa chilembo ndi chilembo limatuluka mwina, ndi kuti viza iyi ikusonyeza kuti ndi munthu yemweyo. Kope ya tsambali ndi ya setifiketi ndimata kumbuyo. Palibe chobisika."

"Nanga Zikomo mulemba pati?" anafunsa Amayi.

"Limenelo musunge kunyumba. Ndi labwino kuposa onsewa, koma lilibe chidindo."

Makina analira, pepala linatuluka lofunda, mayiyo anasayina n'kudinda. A Mkulu anafuna kutseka ndi pemphero, ndipo ulendo uno womasulira anatseka maso onse awiri.

Atabwerera ku ofesi ija, kalaliki uja anawerenga dzina, anayang'ana pasipoti, anawerenga mawu a m'munsi, anatembenuza kuona viza. Kenako anakoka chidindo chake. Zikomo anati "Zikomo," ndipo kwa nthawi yoyamba mawuwo anagwera pamalo pake penipeni. Chilolezo chinatuluka mwana asanabadwe. Injiniya anabwerera kuchipinda tsiku lomwe kalaliki analandira mapepala, a Mkulu atamunyamulira okha pilo, ngakhale sanapepese. Anangoti sofa imafunika kupuma.

Setifiketi inabwerera pakhoma, ndipo Amayi anagula fulemu yachiwiri ya kope ya pepala lomasuliridwa lija.

Patapita milungu ingapo, womasulira anamva munthu akukwera masitepe akung'ung'udza nyimbo ya chiyamiko. Anali a Mkulu, chipewa m'manja, nkhope ikuwala.

"Wabadwa, mayi. Wamkazi. Mawu ake ndi a soprano."

"Mulungu alemekezeke! Mwamutcha ndani?"

"Ndi chimene ndabwerera. Mayina ndili nawo m'mutu. Ndizitchula limodzilimodzi, inu muzilitumiza kwawo kwa amake m'zilembo zawo, n'kulibweza. Limene lipite n'kubwera lili lomwelo, ndi lomwelo."

Mayiyo anaseka, nakoka pepala ndi cholembera. A Mkulu anakhala pansi, anakonza kukhosi, n'kutchula loyamba. Fani inapukusa mutu.