Makina Abodza a Bambo

Tsiku lomaliza kuwaona amoyo, bambo ake anali pabenchi ya pachipatala, malaya atapinda, akutukwana makina oyezera BP.

"Akuti 190! Ine? Chinthu ichi chimanama kuposa malume ako."

Mwana wawo, amene mudzi wonse unkamutcha Adokotala chifukwa chothawa kukoleji ya zachipatala chaka chisanathe, anavomereza mwaukatswiri. Anati makina akumudzi sawunikidwa, ndipo angathe kupeza BP ngakhale pamwendo wa tebulo. Bambo anaseka, mapilisi nkuwaponya m'thumba la jekete. Adokotala anakwera basi kukasaka ntchito m'tauni. Sitiroko itawagwetsa bambowo, mapilisi anapezeka m'jekete momwemo, osatsegula.

Tsono Adokotala atamva kuti kwabwera munthu wowunika makina, anafika pachipatalapo asanasambe nkomwe. Ankafuna chinthu chimodzi basi: makinawo apezeke abodza.

"Adokotala, mwadwala?" anafunsa anesi.

"Ndabwera ku mlandu."

Wowunikayo anali bambo wamimba yaikulu, akutafuna chotokosera m'mano. Anatulutsa m'bokosi geji yake yoweruzira, kachipangizo koyezera mphamvu ya mpweya, yosungidwa mwaulemu ngati mwana wa bwana. Lamba uja womanga pamkono anamukulunga pachitini cha penti, popeza chitini sichichita mantha ndi anesi. Kenaka analumikiza timapaipi panthambi imodzi kuti mpweya womwewo ufike pa makina a chipatala ndi pageji yake.

"Achimwene, m'malo mongondipumira m'khosi, gwirani chitinichi."

Kamuvi ka makina a chipatala kanali pa ziro. Wowunikayo anapopa kampira mpaka geji yake inati 250, nkumatsitsa mpweya pang'onopang'ono, akuima kuti ayerekeze.

"Zikasiyana kuposa atatu, makinawa ndiwatenga, anesi atsale akuyeza anthu ndi maso."

Pa 250 kamuvi kanaloza 252. Adokotala analoza kamuviko ndi chibwano.

"Mwaona? Akukweza!"

"Ndi awiri. Akazi anga amakweza BP yanga kuposa pamenepo."

Pa 200, ndendende.

"Imani pa 190," anatero Adokotala.

"Sitiimapo pamenepo."

"Imanipo, chonde."

Anesi anasiya kuseka. Wowunikayo anawayang'ana, nkuyang'ana mnyamatayo, nkutseka kavalavu kotulutsira mpweya. Geji yake inati 190. Kamuvi kokalamba kaja, galasi lake losweka pakona, kanaloza 190 osagwedera, mopanda ndi manyazi omwe.

"Mpweyanso sakutaya," anatero wowunikayo. "Onyansa, koma achilungamo. Chitinicho mungachisiye tsopano, achimwene."

Sanachisiye. Anachikumbatirabe pachifuwa, lamba ali chimangire, kavalavu katatsegulidwanso, mpweya ukutuluka pang'onopang'ono. Anesi anamuchotsera mwakachetechete, poti panja mzere unali utafika kale pamjigo. Wowunikayo anapukuta makinawo ndi malaya, anamata kapepala kumbuyo kwake, nkulemba tsiku lodzawawunikanso.

9 Okutobala 2026.