Asatsale M'botolo

Kuseri kwa zenera lolandirira mankhwala pachipatalapo kunkakhala bambo wina amene aliyense ankawatchula a Katatu. Dzinali linabwera chifukwa kwa zaka zambiri mawu otuluka pazeneralo anali amodzimodzi: "Katatu patsiku. Wotsatira!" Pambuyo pake mankhwala ambiri a ana anasintha n'kukhala a kawiri patsiku, koma dzinalo linali litakakamira kale. A Katatu sanali dokotala. Komabe wodwala akawaitana kuti adokotala, sankaona chifukwa chomuchititsira manyazi munthu wodwala kale.

Chimene ankanyadira kwambiri chinali kapepala. Anakalemba okha, ka tsamba limodzi, kofotokozera makolo mmene angamwetsere mwana mankhwala amadzi opha tizilombo toyambitsa chibayo ndi matenda ena. Kunena zoona kapepalako kanali kabwino. Khutchumulani botolo musanamwetse. Yezani ndi kakapu komwe mwapatsidwa, osati supuni ya tiyi. Mwetsani m'mawa ndi madzulo. Sungani pozizira, posafika dzuwa. Mwana akasanza atangomwa kumene, mupatseninso. Ngakhale aoneke kuti wachira, musasiye. Ndipo pansi, m'zilembo zikuluzikulu: MANKHWALA ASATSALE M'BOTOLO.

Poyamba panali mizere inanso iwiri. Wina unkati mankhwalawa ndi a mwana mmodzi yekha, musagawireko mnzake. Wina unkati mwana akayamba kubanika kapena kukana kuyamwa ndi kumwa, bwererani msanga. Koma kapepalako kanapita ku komiti, ndipo komiti inaona kuti pakusowa zinthu zofunika: chizindikiro cha chipatala, dzina la wolemba, dzina la wounika, dzina la wovomereza, ndi maudindo awo onse. Tsamba silitambasuka ngati lamba wa njinga. China chinayenera kuchokapo.

"Zimenezo muziwauza pakamwa," anatero akulu a ofesi.

A Katatu akanatha kutsutsa. Koma ataona dzina lawo litasindikizidwa, lokhala ndi udindo wake pambali, anamva ngati mizere iwiriyo inali yongobwereza zodziwika kale.

Tsiku lina mzere wa anthu unachita kukafika kuchipata. Pazenera panafika telala, tepi yoyezera ili m'khosi, ataiwala kuivula, mwana wamkazi wa zaka ziwiri ali paphewa. Mwanayo ankapuma mofulumira ngati wathamanga. Mayi ake ankagwira ntchito ya m'nyumba kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, motero ana ankalera ndi bamboyu mothandizana ndi mlongo wake.

A Katatu anawerenga zimene analemba adokotala. Chibayo, chosafika pogonekedwa. Anatenga botolo la ufa, anathiramo madzi owiritsa ozizira mpaka pakamzere, anakhutchumula, n'kulembapo muyezo. Botololo linali lokwanira masiku asanu ndendende, kakapu m'mawa, kakapu madzulo.

"Mumatha kuwerenga, bambo?"

"Pang'onopang'ono, adokotala. Koma muyezo wokha musade nkhawa. Ndi ntchito yanga."

"Ndiye zonse zili apa. Ndinalemba ndekha." Anamupatsa kapepalako, chala chili pafupi ndi dzina lawo. "Chachikulu n'chomwe chili pansipo. Anthu inu mwana akangoseka kamodzi mumasiya, botolo n'kuliika pawindo kudikira chifuwa cha chaka chamawa. Asatsale. Mwamva?"

"Asatsale, adokotala."

"Wotsatira!"

Za masiku asanu zinali pabotolo, mwa kalembedwe ka a Katatu, kamene ngakhale iwo eni ankakawerenga mochita kuganizira. Pakamwa sanazitchule. Kumbuyo kwa telalayo mayi wina anali atayamba kale kufunsa ngati pazenerapo akugulitsa malo.

Panadutsa sabata ndi masiku angapo. A Katatu akudya nthochi yawo ya masana, namwino wamkulu wa wodi ya ana anatulukira pakhomo la mbali. Awiriwa anayamba ntchito chaka chimodzi, ndipo sankanyengererana.

"A Katatu, tabwerani mudzaone owerenga mabuku anu."

"Asisita, ndili pa nkhomaliro."

"Nthochiyo siithawa. Tiyeni."

Mwana uja anali pa bedi la pakona, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno, singano ya mankhwala itamangidwa padzanja ndi pulasitala. Akamapuma, pansi pa nthiti pankalowa mkati, n'kumveka kakubuula kakang'ono. Anali atabwera m'mawa womwewo, atakomoka kale. Telala uja anakhala pampando wachitsulo, manja ali pakati pa mawondo. Ataona a Katatu anaimirira msanga.

"Adokotala, ndinachita zonse."

"Auzeni mmene munandiuzira ine, bambo," anatero namwino.

Telalayo anafotokoza modekha, ngati akuwerengera kasitomala miyezo ya suti. Atafika kunyumba tsiku lija anapeza mkulu wake wa mwanayu nayenso akutsokomola. Mwana wa mlongo wake, amene amagona nawo chipinda chimodzi, mamina ali chuchuchu. Anawerenga pepala lija kawiri, mlongo wake n'kuwerenganso. Panalibe pamene linaletsa. Ndiye anawamwetsa onse atatu, aliyense kakapu kake kodzaza mpaka pamzere, m'mawa ndi madzulo, akukhutchumula nthawi zonse.

"Sindinamuchepetsere uyu ayi. Muyezo wake unali womwewo. Tsiku lachiwiri botolo linatha. Ndinathiramo timadzi n'kutsukuluza, n'kumupatsa uyuyu, kuti asatsale."

Thupi linazizira, anapitiriza, mwana anayamba kusewera ndi tizidutswa ta nsalu pansi pa makina. Kenako kutentha kunabwerera. Mlongo wake anati abwerere kuchipatala, koma iye anati mankhwala amaliza monga mwa lamulo, akugwirabe ntchito m'thupi, awapatse mpata. Anali ndi mayunifolomu a sukulu oti amalize. Anadikira. Dzulo mwana anakana ngakhale madzi.

A Katatu anatsokomola pang'ono. "Koma pabotolo ndinalemba masiku asanu."

"Ndinaona kuti mwalembapo, adokotala. Ndimayesa ndi siginecha."

Namwino sanaseke. Anakonza kapaipi kamene kanasuntha pamphuno pa mwanayo, n'kuwakokera a Katatu pakhonde.

"Tayamba jakisoni, mpweya ndi umenewo. Koma wabwera mochedwa kwambiri. Mapapo onse awiri."

"Mwina akanamaliza bwinobwino zikanachitikabe. Ana ena mankhwala akumwa sawagwira."

"Mwina. Mukufuna ndikulembereni kuti mwina, mukapachike pazenera?"

Masana omwewo a Katatu anakwera masitepe kupita ku ofesi. Anavala jekete loyera, kuti aoneke kuti nkhani ndi yaikulu. Akulu a ofesi anawamvetsera akusaina mapepala ena.

"Ndi zomvetsa chisoni. Koma a Katatu, pepala lathu lanama pati?"

"Silinaname, bwana. Langosiya kunena."

"Ndiye vuto ndi kamvedwe ka anthu. Tidzakonza maphunziro." Anaika cholembera pansi. "Komanso mwaona makatoni ali kusitolo? Tinasindikiza ochuluka chifukwa munatiuza nokha kuti pepalalo lilibe banga. Kusintha chilembo chimodzi ndiye kuti komiti ikhalenso pansi, ndipo wovomereza uja ali ku semina. Lembani malingaliro anu, tidzaika pa ajenda."

A Katatu anatsika. Anatenga mulu wa timapepala tija n'kuyamba kulemba ndi bolopeni m'mphepete mwa kalikonse: A mwana mmodzi yekha. Masiku onse asanu. Akabanika bwererani. Malo anali ochepa, zilembo zinkapindika kuzungulira chizindikiro cha chipatala. Atalemba pang'ono anapatsa kamodzi mayi wokolopa kuti awerenge. Mayiyo anakatembenuza uku ndi uku.

"Apa mwati mwana atani? Abatizidwe?"

Pazenera anthu anali akugogoda ndi makiyi. A Katatu anatsegula, ndipo tsiku limenelo aliyense wolandira botolo anamufotokozera pakamwa mpaka kumufunsa kuti abwereze. Mzere unasiya kuyenda. Bambo wina anakuwa kuti ngati akufuna kulalikira akatsegule tchalitchi. Ena anatopa n'kupita kwawo opanda mankhwala, ana ali kumsana. Pofika nthawi yoweruka, mlonda anabwera kudzanena kuti akulu a ofesi akufunsa chimene chachitika ku zenera, poti madandaulo afika kale m'mwamba.

M'mawa mwake a Katatu anadzera ku wodi asanatsegule. Pa bedi la pakona panali mwana wina, wamwamuna, agogo ake akumupepesa. Makina a mpweya anali atamupatsa iyeyo. Namwino anali akulemba m'faelo, ndipo sanadzutse mutu.

"Watisiya kutacha kumene," anatero. "Bambo ake ali panja. Akuti akufuna inu."

"Ine? Adokotala enieni awaona?"

"Awaona. Akufuna amene analemba."

Telalayo anali pa benchi ya pakhonde, pafupi ndi mpopi. Mlongo wake anali atapita kukauza abale ndi kukafuna galimoto. Sanali kulira. Anali atayala kapepala kaja pabondo, akukasalaza ndi chikhatho monga amachitira ndi nsalu asanadule. A Katatu anakhala pambali pake, osadziwa poika manja.

"Pepani, bambo."

"Zikomo, adokotala." Anasalazanso kapepalako. "Ndimati mundithandize. Ine sukulu sindinapite patali. Mwina pali mzere umene ndinaudumpha. Mundiwerengere inuyo, pang'onopang'ono, ndione pamene ndinaphonya."

A Katatu anatenga pepalalo. Ankalidziwa pamtima, koma anawerenga ndi chala. Khutchumulani botolo. Telala anagwedeza mutu. Yezani ndi kakapu. Anagwedezanso. M'mawa ndi madzulo. Pozizira, posafika dzuwa. Pa mzere uliwonse bamboyo ankayankha motsitsa, "Ndinatero." Atafika pa zilembo zikuluzikulu zija mawu a a Katatu anachepa, ndipo maina apansiwo sanawawerenge.

"Simunadumphe mzere uliwonse, bambo."

"Palibe?"

"Palibe. Panali zina zoyenera kulembedwa, sizinalembedwe. Ndiponso ndinayenera kukuuzani pakamwa."

Telalayo anawayang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya, koma ngati munthu amene wauzidwa njira m'chinenero chachilendo. Foni yake inalira m'thumba. Anaitulutsa, anayang'ana dzina, n'kuisiya ikulira m'dzanja.

"Ndi mayi ake. Ali m'basi, ndinangowauza kuti mwana wagonekedwa." Foni inasiya, n'kuyambanso. "Akafika adzandifunsa kuti ndinamutani mwana wawo. Inu mumadziwa kuika mawu bwino, adokotala. Ndiwauze kuti chiyani?"

A Katatu anayang'ananso pepala lija. Kumapeto kwa khonde munthu anali atayamba kale kumenya zenera la mankhwala ndi chikhatho. Telalayo anadikira kanthawi, kenako anaimirira, n'kuika foni kukhutu.

"Halo, mayi a mwana. Mwafika pati?"