Valavu Yongodikira

Katswiri wa zida anaima pakhomo la ofesi, chipewa chili m'manja. Tsiku loyesa valavu yachitetezo ya pathanki ya mafuta linali litadutsa, koma bwana ankakana kuimitsa ntchito.

"Thankiyi sinasefukirepo, mayi. Makina owongolera akugwira bwinobwino."

"Valavu yowongolera imayenda tsiku lonse, bwana, ikafa timaona. Yachitetezoyi ili payokha, imangodikira kutseka zinazo zikalephera. Ikauma palibe angadziwe. Mlingo wa kudalirika kwake, wa SIL 2, umadalira kuiyesa chaka chilichonse."

Bwana anangomukankhira pepala lozengereza kuyesako. Katswiriyo akakana kusaina, mawa asaina wina. Akasaina, mlandu ndi wake.

Anasuzumira pawindo, cholembera chili m'dzanja. Pansi pa thankiyo, mng'ono wake ankamanga paipi, uku akuimba mluzu.