Nyemba za Miyezi Sikisi

Ku Chinsapo ndinafika mdima utagwa. Sindinapondeko chiyambire. Wakabaza ananditsitsa pa geti lachitsulo, n'kuloza ndi chibwano. Magetsi anali atathima. M'kati atsikana ambiri amatsuka mbale, akuimba.

Mayi Jacinta, mwini hositelo ya atsikana a sekondale, anandilandira ndi tochi ya pafoni.

"Ndinu a Medson a nyemba aja? Ndimayesa munthu wamkulu."

"Ukulu uli m'matumba, Amayi."

Sanaseke. Anandipatsa mpando m'sitolo, pakati pa matumba a ufa. Chipindacho chinalibe windo.

Nkhani yanga inali yokonzakonza. Matumba anayi a nyemba za kholophethe mwezi uliwonse, a makilo fifite. Kuyambira Juni mpaka Novembala. Mtengo umodzi, osasintha. Wokwera pang'ono kuposa wa lero, wotsika kwambiri kuposa wa Novembala. Iwo apumule zothamanga m'misika. Ine ndidziwe polowera ndalama.

Zomwe sindinanene ndi izi. Mu Ogasiti ndimanyamuka. Mnzanga wa thiraki anandisungira malo, ulendo wa ku Joni, ntchito ya pagalaja ikundidikira. Mkazi wanga Thokozire, ku Area 25, ali ndi pathupi. Anandiuza poyera: "Simuchoka pano musanasiye chinthu cholowetsa ndalama mwezi ndi mwezi." Mgwirizanowu unali chitseko changa. Ndiyambitse, mlamu wanga azikaperekera, ine ndili kutali.

"Ogasiti ana kulibe," anatero Amayiwo. "Holide. Mwezi umenewo matumba awiri."

"Palibe vuto."

"Nanga mtengo ukakwera ku Lizulu?"

"Ndi mutu wanga umenewo."

"Mutu wanu? Chaka chatha kunabwera wina, tayi pakhosi. Anayankhula chimodzimodzi. Okutobala nyemba zitakwera, foni yake inamira m'madzi. Ndinamuona ndekha ku Chilinde akugulitsa kwa mavenda. Ana anga anadya kabichi mpaka kutseka sukulu."

Anandiunika kumaso.

"Ndalama zogulira matumba onse pano, zikadali zotchipa, muli nazo?"

Ndinalibe. Ndimaganiza zogula mwezi ndi mwezi, Mulungu aziona. Anaziwerenga pankhope panga.

"Ndiye mukufuna kundinamiza mu Okutobala, basi simunadziwe. Tipange chonchi. Ndikupatsani theka la ndalama zonse mawa. Muwonjezere zomwe muli nazo, mugule onse panopa. Asungidwe muno. Muthire mankhwala, muzibwera kudzaona anankafumbwe. Thumba lofumbwa ndi lanu. Theka linalo muzilandira mwezi ukatha, tikayeza pasikelo."

Zinali zabwino kuposa zomwe ndinabwera nazo. Ndinavomera msanga.

"Bweretsani chiphaso, ndilembe nambala."

Chiphaso cha unzika chinatha ntchito kalekale, sindinakonzetse. Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa pasipoti. Ndimayenda nayo paliponse, ngati mmene ena amayendera ndi chipeso.

Anaitsegula. Sanalembe nambala. Anayamba kuvundukula masamba, limodzilimodzi, zidindo zikudutsa pa tochi.

"Tete. Chipata. Beitbridge. Beitbridge kachiwiri. Achimwene, inu mumagona pakhomo?"

"Zakale zimenezo, Amayi."

"Zakale? Chidindo ichi ndi cha Febuluwale."

Anaitseka, n'kuiika pamiyendo pawo, dzanja pamwamba.

"Iyi itsala. Chikole. Thumba lomaliza likalowa m'khitchini mu Novembala, mudzatenge."

"Amayi, ndingasiye foni. Kapena njinga ya mlamu wanga. Iyeyo ndi munthu wokhulupirika, akhozanso kumabwera m'malo mwanga."

"Mlamu wanuyo ndapangana naye chiyani? Ndalama zanga ndikupatsa inu. Foni mugula ina pa Mwanza."

Ndinayang'ana kuchitseko. Chinali chotsegula. Palibe anandigwira. Ndikanatha kutenga kabuku kanga, n'kutuluka. Kenako? Kukafika kwa Thokozire chimanjamanja. Kumuuza kuti ndakana oda ya miyezi sikisi, yolipiriratu theka. Andifunse chifukwa.

"Ganizani," anatero. "Kunja kwada, simungafike ku 25 pano. Alonda akupatsani mphasa. Pasipoti yanu nayi, mugone nayo."

Ndinagona m'sitolo momwemo. Fungo la ufa ndi sopo. Ndinayesa njira zonse. Kukana, ndiye ulendo kulibe, Thokozire sangalole. Kuvomera, ulendo kulibenso. Thiraki siidikira Novembala. Galaja siidikira munthu. Kusiyana kwake n'kwakuti njira imodzi mwana adzabadwa pakhomo pali chakudya.

Kusanayere bwino Amayi anagogoda. Pepala linali m'manja, makope awiri. Matumba, mtengo, masiku operekera, zonse zolembedwa. Mlonda anasaina ngati mboni. Ndinasaina. Ndinapereka pasipoti. Anaikulunga m'jumbo, n'kuilowetsa m'kati mwa bulauzi.

"Musagule zosakaniza. Ana anga amadziwa kholophethe."

Ndalama zinalowa pafoni ndili pa geti. Mnzanga wa thiraki sindinamuimbire. Ndinakwera minibasi yoyamba yopita kudepoti, kuti ndikapeze ya ku Ntcheu, ndikagule nyemba ku Lizulu. Kondakitala anandikankhira kumpando wakumbuyo, pakona, n'kutseka chitseko.