Dzenje Lomwe Silinalembedwe

Pa ntchito yomanga nyumba yosungiramo katundu ija tinali ndi matumba awiri a ndalama zapadera, ndipo ine, woyang'anira ntchito yonse, ndinawasokoneza masana dzuwa likuswa mtengo.

Thumba loyamba linali m'bajeti yanga. Linali la mavuto omwe tinawaoneratu n'kuwalemba m'kaundula, monga kuchedwa kwa simenti, ndipo ndinkatapamo ndi siginecha yanga yokha. Lachiwiri linali la akuluakulu a kampani, la mavuto osalotedwa, ndipo kulikhudza kunkafuna komiti.

Ndiye tikukumba maziko, fosholo inaboola thanki yakale ya zimbudzi yomwe sinali pa mapulani. Fungo lake, musafunse. Kapitawo, amene ndi mlamu wanga, anabwera mu ofesi yathu ya kontena atatsina mphuno.

"Alamu, ndalama zilipo, mukudikira chiyani?"

Komiti ndinkaiopa ngati mano a njoka. Ndinatapa m'thumba langa, dzenje linakwiriridwa, thumba n'kutsala pepelepepele.

Patapita milungu iwiri, simenti inachedwadi. M'kaundula tinali titalemba kuti ikachedwa masiku atatu titumize lole yathu kukatenga, ndipo zimenezo zikakanika pofika tsiku lachisanu, tigule kwa wogulitsa wina wodula. Lole inabwerako yopanda kanthu.

"Lero ndi tsiku lachisanu," anatero kapitawo.

"Ndi tsiku lachitatu," anatero wa sitolo, yemwe ankasunga zipangizo zathu. "Loweruka ndi Lamlungu sitiwerenga."

"Anakuuzani ndani?" anafunsa kapitawo.

Onse anayang'ana ine. Kaundulayo ndinalemba ndine, koma ngati anali masiku a ntchito kapena a pa kalendala, sindinanene. Mutu unangoti balala. Ndinagwirizana ndi wa sitolo, osati chifukwa ankanena zoona, koma chifukwa ndinalibe ndalama zogulira simenti yodulayo. Masiku awiri ena anapita tikuyang'ana pageti.

Lachinayi ndinapita kwa bwana wamkulu. Makina opopera konkire omwe tinabwereka ankayenera kubwezedwa mawa lake, ndipo akapita, amisiri makumi atatu akakhala kunyumba mwezi wathunthu osalandira kanthu.

"Bwana, ndikupempha za m'thumba la akuluakulu. Simenti."

Anatsegula kaundula n'kuyendetsa chala. "Simenti ili apa, nambala 4. Vuto lodziwika limeneli, mayi. Thumba lanu lili kuti?"

"Linalowa m'dzenje la zimbudzi."

"Dzenjelo lili nambala chani?"

"Mulibemo."

"Ndiye linali lathu limenelo! Komiti inakumana mlungu womwewo, ikanavomera osaphethira n'komwe. Tsopano lembani pempho lobwezera ndalamazo. Tikumana Lolemba."

"Makina akupita mawa, bwana."

"Ndekha sindingasaine."

Ndinatuluka manyazi atandigwira. Nditafika pa ntchito, ndinapeza amisiri atayala kale zitsulo, matabwa onse atakhomedwa bwinobwino, akungodikira konkire. Mlamu wanga anandithamangira akumwetulira.

"Zatheka, alamu? Ndiwauze alawirire m'mawa?"

"Aitaneni onse," ndinatero. "Ndiwauza ndekha."